Malisiti akasowa, akauntanti muwalembere chiyani?

Ana anga ndi adzukulu anga a kwa Mavwere, masiku ano makopaletivu, makomiti a sukulu ndi mipingo akafuna mlembi kapena msungichuma amaloza inu amene mudafika Folomu 4. Amatero chifukwa mumatha kulemba ndi kuwerengera, ndipo sakulakwa. Koma ilipo kalata imodzi imene kusukulu sadakuphunzitseni, yomwe aliyense wogwira ndalama za gulu amadzailemba tsiku lina: youza akauntanti kuti malisiti ena asowa. Ine ndakalambira m'mabuku a ndalama, ndipo makalata otere ndawerenga ambiri. Ochuluka amadzaza ndi kupepesa, kulumbira ndi kutchula Mulungu, koma ukafika pamapeto sudziwabe kuti zasowa ndi ndalama zingati.

Choyamba muzindikire kuti kusowa kwa lisiti ndi shoteji ndi zinthu ziwiri. Lisiti ndi umboni chabe wakuti ndalama idapita kwakuti. Pepala likatayika, katundu amene mudagula sasungunuka, ndipo munthu amene mudamulipira saiwala kuti adalandira. Ntchito yanu ndi kufunafuna umboni wina wolowa m'malo mwa wotayikawo, kenaka kuwauza akauntanti mosabisa kuti umboni uwu ndi wolimba, uwu ndi wofookerako, ndipo apa palibiretu umboni. Kalata yabwino imaonetsa mpatawo poyera, ndi kukula kwake kwenikweni.

Kuti timvane, tiyerekeze nkhani. Manambala ake ndi ongophunzirirapo, koma mchitidwe wake ndi womwe mumauona chaka ndi chaka. Kopaletivu ina ili ndi nyumba yosungira katundu pa Waliranji, ndipo m'nyengo yokolola yatuma mnyamata wake kukagula soya kwa mamembala cha ku Nkhwazi, pa mtengo wa K800 pa kilogalamu. Ntchitoyi yayamba Lolemba pa 6 Meyi 2024 ndipo yatha Loweruka pa 18 Meyi. Mlimi aliyense akagulitsa, mnyamatayo amalemba vocha: yapamwamba amang'amba n'kupatsa mlimi, ya kaboni imatsalira m'buku. Lachitatu pa 15 Meyi madzulo, chikwama chamasuka pa kabaza. M'katimo mudali buku la mavocha a nambala 151 mpaka 200, ndi envelopu ya malisiti a zinthu zina zimene adalipira masiku atatu a pa 13, 14 ndi 15 Meyi. Ndalama zidali m'thumba la malaya, sizidapite.

Mnyamata wosadziwa amakhala pansi n'kuyamba kukumbukira kuti ndidagula chakuti, ndidalipira wakuti. Kumeneko n'kuyambira kumchira. Mutu wa munthu umakumbukira zimene zikumukomera, ndipo akauntanti amadziwa zimenezi. Muyambe ndi manambala amene sadalembedwe ndi inu. Pa 6 Meyi m'bokosi mudali K150,000, ndipo msungichuma adasainira. Sitetimenti ya kubanki ikuonetsa kuti pa 7 Meyi adatapa K3,000,000, pa 13 Meyi adatapanso K2,000,000. Zonse zimene zidadutsa m'manja mwa mnyamatayo ndi K5,150,000. Pa 18 Meyi, pamaso pa wapampando ndi msungichuma, awerenga zotsala n'kupeza K212,000. Ndiye kuti zimene zidatuluka ndi K4,938,000. Mavocha ndi malisiti amene alipo akaphatikizidwa akukwana K3,610,000. Mukachotsera, mpata ndi K1,328,000.

Nambala imeneyi ndiyo mutu wa kalata yonse, ndipo isasunthenso. Chilichonse chimene mupeze pambuyo pake chizichotsedwa pa iyoyo. Kuwerenga ndalama zotsala kuja musakuchedwetse, ndipo musakuchite nokha. Mukadikira sabata, ndalama zina zilowa, zina zituluka, ndipo palibe adzathe kunena kuti tsiku lotseka m'bokosi mudali zingati. Kapepala kolembapo kuti ma K5,000 alipo angati, ma K2,000 angati, kosainidwa ndi anthu awiri, kadzakuimirirani kuposa kulumbira kulikonse.

Mukadziwa kukula kwa mpata, mutembenukire ku katundu. Ndalama zidatuluka, nanga chidalowa n'chiyani? Buku la wosunga katundu pa Waliranji, lomwe silidatayike chifukwa silichoka pamalopo, likuonetsa matumba 110 a makilogalamu 50, kutanthauza makilogalamu 5,500. Mavocha amene alipo akufotokoza makilogalamu 4,200. Otsala 1,300 ali m'nyumbamo, mutha kuwakhudza ndi dzanja, koma alibe pepala. Pa K800 ndi K1,040,000. Onani mmene mpata waukulu uja wachepera musanafunse munthu aliyense.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi mtengo. Musangoganiza kuti masiku atatuwo mtengo udali womwewo, chifukwa mavenda akachuluka pa msika mtengo umasintha pakati pa sabata. Tsegulani vocha 150, yomaliza buku lotayikalo lisanayambe, ndi vocha 201, yoyamba litatayika. Zonse ziwiri zikanena K800, muli ndi poimira. Zikasiyana, mulembe kuti zasiyana ndipo munene mtengo umene mwagwiritsa ntchito. Msampha wachiwiri ndi sikelo. Soya wogulidwa kumudzi akafika kosungira amapepukako, chifukwa amapitiriza kuuma ndipo akapetedwa zinyalala zimachoka. Choncho buku la wosunga katundu nthawi zambiri limaonetsa ochepa kuposa amene mudalipira. Likaonetsa ochuluka, musakondwere. Mwina mwawerengera matumba a nyengo yapita, kapena sikelo yanu imabera alimi, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yoipa kuposa ya malisiti.

Komabe matumba sanena kuti mudalipira yani. Apa mpamene pamafunika miyendo. Kumbukirani kuti vocha yapamwamba idapita ndi mlimi, ndipo alimi athu, makamaka amayi, amasunga mapepala. Mukawapeza atawapinda m'Baibulo, m'buku la kusikelo ya mwana, kapena m'kachitini pamodzi ndi chiphaso cha unzika. Mnyamata wathu wayenda midzi imene adagulako, atayamba wadziwitsa anyakwawa kuti anthu asamuyese wofuna kulanda ndalama, ndipo wapeza alimi 17 ali ndi mavocha awo. Onse pamodzi ndi makilogalamu 950, ndalama zake K760,000. Sadawalande mapepalawo, chifukwa ndi umboni wawo. Wawajambula pa foni, walemba nambala ya vocha iliyonse, dzina, mudzi ndi kulemera kwake, ndipo mwini wake wasaina pambali. Umenewu ndi umboni wolimba ngati wotayika uja, pakuti udalembedwa tsiku lomwelo ndipo wakhala m'manja mwa munthu wina.

Alimi ena 6 mapepala adataya, kapena ana adayatsira moto. Akuvomera kuti adagulitsa makilogalamu 300 onse pamodzi n'kulandira K240,000. Kwa amenewa mulembe pepala latsopano, ndipo mumvetsetse bwino mmene mulilembere. Pamwamba pake pakhale tsiku limene mukulembalo, osati tsiku logula. Linene kuti ine wakuti, wa m'mudzi wakuti, ndikuvomera kuti pa 14 Meyi ndidagulitsa soya wolemera mwakuti ndipo ndidalandira ndalama zakuti. Mwini wake asaine kapena adinde chala, ndipo mboni ikhale munthu wa m'komiti kapena anyakwawa, osati mchimwene wanu. Musamuuze mlimiyo nambala. Mfunseni kuti adagulitsa wochuluka bwanji, mudikire ayankhe yekha. Mukamuuza, avomera pokulemekezani, ndipo tsiku limene odita adzamufunse payekha adzanena zina.

Mukaphatikiza 950 ndi 300 mupeza 1,250. Thumba limodzi la makilogalamu 50, la K40,000, lili m'nyumba yosungiramo koma mwini wake sadapezeke. Mwina adali munthu wongodutsa. Mulisiye lilembedwe choncho: katundu alipo, wolandira ndalama sakudziwika.

Tsopano pa K1,328,000 tachotsapo K1,040,000 ya soya, kwatsala K288,000 ya envelopu ija. Matumba opanda kanthu 120, pa K700 limodzi, adagulidwa m'sitolo ina pa Boma. Mwini sitolo ali ndi buku lake la kaboni, wapeza tsamba la tsikulo n'kulola kuti lijambulidwe, ndipo wadindapo chidindo cha sitolo. Imeneyo ndi K84,000 yolimba. Mupemphe chithunzi cha tsamba lakalelo, musapemphe lisiti latsopano. Lisiti latsopano limakhala ndi nambala ya lero koma tsiku la sabata yatha, ndipo wounika mabuku akaona zotero amayamba kukayikira mapepala anu onse, ndi abwino omwe. Ngati sitoloyo ndi yotulutsa malisiti a pa makina a msonkho, amene bungwe la MRA lidayamba kukhazikitsa mu 2014, muwauze akauntanti kuti lotayikalo lidali la mtundu umenewo. Kwa gulu lolembetsa msonkho wa VAT, pepala lolembedwa pamanja silingalowe m'malo mwa lisiti la makina pofuna kubwezeredwa msonkhowo, ndipo akauntanti ayenera kudziwiratu.

Woyendetsa lole amene adanyamula matumba 80 maulendo awiri kuchoka ku Nkhwazi adalipidwa K120,000 kudzera pa Airtel Money. Uthenga uli m'foni, ndi tsiku, nthawi, nambala ya wolandira ndi nambala ya malipirowo. Wa Mpamba umakhalanso chimodzimodzi. Koma uthenga wa pa foni umangonena kuti ndalama idapita, sunena kuti idapitiranji. Foniyo ndi ya mnyamatayo, momwemo amatumiziranso mayi ake ndi chibwenzi chake. Choncho uthengawo uyende ndi zinthu ziwiri: siginecha ya woyendetsa lole yovomera kuti ndalamayo idali ya mtengatenga, ndi mzere wa m'buku la wosunga katundu woonetsa kuti masiku omwewo mudalowa matumba 40 kawiri. Zitatuzi zikagwirizana palibe wotsutsa. Ndipo foni yotero musaifufute mauthenga kapena kuigulitsa nkhani isanathe.

Aganyu okweza ndi kutsitsa matumba 80 aja adalandira K300 pa thumba, yonse K24,000, ndipo mtsogoleri wawo wadinda chala pa pepala lolembedwa pambuyo pake. Kabaza wa masiku atatu, K6,000 pa tsiku, ndi K18,000, koma anyamata a njinga zamoto adali osiyanasiyana ndipo sadapezeke. Imeneyi ndi yongoyerekeza, potengera zimene mavocha a sabata yoyamba akuonetsa pa ulendo womwewo. Poyerekeza chinthu, mutengere mtengo wa masiku oyandikana nawo, osati wa chaka chatha. Mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya mafuta, matumba ndi mtengatenga ya Meyi 2023 siingakuuzeni kanthu za Meyi 2024. Inu a m'malire muonjezerepo ichi: chinthu chikagulidwa ku Chipata kapena kwa wamalonda wolowera pa Mwami, mulembe kuti ndi kwacha ya Zambia, mudasintha pa mtengo wanji ndipo tsiku liti. Mawu akuti kwacha okha, kuno kwathu, sakwanira.

Tiphatikize: K84,000, K120,000, K24,000 ndi K18,000 zikwana K246,000. Pa K288,000 patsala K42,000. Mnyamata wathu wafufuza m'matumba a zovala, wafunsa kunyumba, wawerenganso katatu, koma K42,000 sikuoneka kumene idapita.

Apa mpamene ndikufuna mukhale tcheru, chifukwa anyamata abwino ambiri amagwera pomwepa. Satana wake ndi wochenjera. Amakunong'onezani kuti kabaza uja, poti alibe kale umboni, mungolemba K60,000 m'malo mwa K18,000, buku litseke bwinobwino. Kapena amati pa msika pali mnzanu wa sitolo amene angakupatseni lisiti lopanda kanthu kuti mulembepo zingwe ndi singano zosokera matumba. Kapena mungolemba mzere wakuti zina ndi zina. Zonsezi zimagwidwa, ndipo zimagwidwa mosavuta. Akauntanti adzaona kuti sabata yoyamba kabaza adadya K6,000 pa tsiku, n'kufunsa kuti sabata yachiwiri njinga idayamba kumwa chiyani. Adzaona malisiti a masitolo awiri olembedwa ndi dzanja limodzi ndi cholembera chimodzi. Adzaona manambala a malisiti otsatizana pa masiku otalikirana. Ndidaonapo pepala lonena kuti munthu adakatapa ndalama pa kauntala ya banki pa 14 Meyi, wolembayo ataiwala kuti limenelo ndi tsiku la Kamuzu, la tchuthi. Kutaya lisiti ndi kusasamala, ndipo komiti imadzudzula n'kukhululuka. Kupanga lisiti labodza ndi mlandu wa kukhoti. Komanso bodza la K42,000 likagwidwa limaononga umboni woona wa K1,286,000 umene mudauvutikira, chifukwa palibe adzakhulupirirenso siginecha za alimi aja. Akulu adati mukabisa matenda, maliro tidzamva.

Ndipo kunena zoona, ine ndikalandira kalata imene mpata wake watsekeka ndendende mpaka pa tambala, ndimayamba kuikayikira. Munthu amene akumanganso za masiku atatu popanda mapepala sangalondole zonse. Kotsalako n'kumene kumandiuza kuti sadakonze manambala.

Tsopano kalatayo. Ikhale ya tsamba limodzi, ikatalika awiri, ndipo mapepala a umboni akhale kumbuyo, lililonse ndi nambala yake. Akauntanti ali ndi mabuku a magulu ambiri patebulo, choncho ndime yoyamba iwauze zonse zofunika ngakhale atalekera pomwepo. Mnyamata wathu angalembe motere:

"Okondedwa Bambo, ndikulemba kukudziwitsani kuti pa ndalama zogulira soya za pa 6 mpaka 18 Meyi 2024, ndalama zokwana K1,328,000 zilibe mapepala ake oyamba. Pa 15 Meyi madzulo, pakati pa Nkhwazi ndi Waliranji, ndidataya chikwama chimene mudali buku la mavocha 151 mpaka 200 ndi envelopu ya malisiti a pa 13, 14 ndi 15 Meyi. Ndidauza wapampando usiku womwewo, ndipo ndidakanena kupolisi pa 16 Meyi. Lipoti lake ndi pepala 1.

"Mpatawu ndaupeza motere. Ndidalandira K5,150,000 (mapepala 2 ndi 3). Zotsala pa 18 Meyi zidali K212,000 (pepala 4). Mavocha ndi malisiti amene alipo akukwana K3,610,000.

"Pa K1,328,000 imeneyi, K964,000 ili ndi umboni wolembedwa pa nthawi yake ndi kusungidwa ndi anthu ena: mavocha a alimi 17, kaboni ya sitolo ya matumba, ndi uthenga wa malipiro a lole. K264,000 ili ndi umboni wa anthu amene asainira pambuyo pake: alimi 6 ndi mtsogoleri wa aganyu. K58,000 ndangoyerekeza: thumba limodzi la soya limene mwini wake sindidamupeze, ndi kabaza wa masiku atatu. K42,000 ndalephera kuifotokoza.

"Ndikupempha mundiuze mmene K58,000 ndi K42,000 zilembedwere m'mabuku. Ndikupemphanso kuti mavocha onse a nambala 151 mpaka 200 amene sali pa mndandanda wa pepala 5 asalandiridwe popanda kufufuza, chifukwa masamba ena a bukulo adali osalembedwa. Maina ndi midzi ya onse amene asainira zili pa pepala 6 ngati mungafune kuwafunsa nokha. Ndine wanu, mlembi wa zogula."

Onani zimene mulibe m'kalatayi. Mulibe nkhani ya mmene msewu udalili, mulibe kudandaula kuti ntchito ndi yambiri, mulibe kuloza chala wa kabaza. Za mmene chikwama chidatayikira zatenga mzere umodzi, wa tsiku ndi malo. Mukatalikitsa pamenepo mumaoneka ngati mukukonza nthano. Ngati mukufuna kupepesa, chiganizo chimodzi chikwanira, ndipo kupepesa kwenikweni mukachite pakamwa pamaso pa komiti, monga mwa ulemu wathu.

Chachikulu m'kalatayi ndi ndime yachitatu, imene yagawa ndalama m'magulu anayi molingana ndi kulimba kwa umboni. Ambiri amagawa molingana ndi zimene adagula: soya zakuti, mtengatenga zakuti, aganyu zakuti. Kugawa kotero kuli ndi malo ake pa mapepala a kumbuyo, koma sikuyankha funso limene akauntanti ali nalo, lakuti pa ndalama zimenezi ndingaike dzina langa pa zingati. Paja iwonso ali ndi owafunsa. Lamulo la makopaletivu la 1998 limafuna kuti mabuku a kopaletivu aziunikidwa chaka chilichonse, ndipo ngati gulu lanu lidalandira thandizo kapena ngongole, eni ndalamawo adzatumanso odita awo. Mukasakaniza umboni wolimba ndi wongoyerekeza m'nambala imodzi, akauntanti sangathe kuvomereza mbali ina n'kusiya ina, ndiye amakana yonse. Mukawagawira, K964,000 ailowetsa m'mabuku tsiku lomwelo, K264,000 atha kuyesa poimbira kapena kuyendera alimi awiri atatu, ndipo zokambirana zitsalira pa K100,000 yokha.

Musadumphe nkhani ya masamba osalembedwa. Buku lidali ndi mavocha 50, ndipo odziwika kuti adalembedwa ndi 23, mwina 24 ndi wa thumba lija. Otsalawo ali kwinakwake, ndi dzina la kopaletivu pamwamba pake. Wotola chikwamacho atha kulembapo makilogalamu 500 n'kubwera kudzati sadalipidwe. Lipoti la kupolisi limathandiza pamenepa. Silitsimikizira kuti ndalama zidagwira ntchito yake, ndipo musaliyese chikhululukiro. Limangotsimikizira kuti mudanena za kutayikako pa tsiku lakuti, mavuto asanabuke.

Onaninso kuti mnyamatayo sadagamule yekha za K42,000. Sadalembe kuti ikhale yotayika, komanso sadaibweze mwakachetechete m'bokosi. Kubweza mobisa kumaoneka ngati ulemu, koma kumasokoneza mabuku: ndalama zowerengedwa pa 18 Meyi zisiyana ndi za pa 20 Meyi popanda chifukwa cholembedwa, ndipo tsiku limene adzapezeke mlimi amene adalandira ndalamayo, inu simudzakhala ndi pobwezeredwa. Akauntanti ali ndi njira zawo. Atha kuiika pambali m'mabuku ngati ndalama yodikira kufufuzidwa, kapena kuilemba ngati ngongole ya mlembi, kapena komiti itha kugwirizana pa msonkhano kuti gulu liisenze. Chimene agwirizanecho chilembedwe m'maminitsi. Akanena kuti mubweze, bwezani, koma mulandire lisiti lonena kuti mwabweza K42,000 ya mpata wa pa 13 mpaka 15 Meyi. Mwa kuona kwanga, mlembi amene wafufuza motere n'kutsala ndi K42,000 yokha pa ndalama zoposa K5,000,000 ndi woyenera kumusunga pa ntchito, ngakhale ataibweza pang'onopang'ono.

Za nthawi. Kalata yoyamba, ya mizere itatu yongonena kuti buku lakuti latayika pa tsiku lakuti ndipo mukufufuza, ipite mawa lake lomwe. Kalata yathunthu itsatire pasanathe sabata ziwiri. Alimi amasunga mapepala, inde, koma ikafika Julayi ndalama za soya zidatha, vocha idakulungira fodya, ndipo amene adagulitsa makilogalamu 45 akukumbukira 60. Woyendetsa lole amakhala atapita kukanyamula mtedza kwina. Choipitsitsa ndi kudikira kuti akauntanti atulukire okha potseka chaka. Mawu omwewo amene mu Meyi akadamveka ngati lipoti, mu Disembala amamveka ngati kudziteteza kwa munthu wogwidwa.

Ena mwa inu mumaopa kulemba chifukwa mumaganiza kuti kalata ya kwa akauntanti iyenera kukhala ya m'Chingerezi. Ngati Chingerezi chanu chingakupotozereni nkhani, lembani m'Chichewa. Manambala ndi amodzimodzi, ndipo akauntanti a kuno amamva. Chimene sakhululukira ndi nambala ya m'kalata yosiyana ndi ya pa pepala la kumbuyo, choncho musanatumize mupatse mnzanu kalatayo ndi kakyuleta, aphatikize yekha magulu anayi aja aone ngati akubwerera pa K1,328,000.

Mulembe makalata awiri ofanana. Ina musiye kwa akauntanti, inayo asainepo ndi kulembapo tsiku limene alandira, mubwere nayo kunyumba pamodzi ndi zithunzi za mapepala onse a umboni. Ndipo chaka chino mukamakagula soya kapena mtedza, ana anga, madzulo alionse muzijambula mavocha a tsikulo n'kutumizira msungichuma musanakwere kabaza.